Munsi Wachiwiri

Mwana wa mng'ono wanga anaphunzirira tulo pamtondo. Palibe amene anachita kukonza kuti zikhale choncho. Kumudzi kwathu, kuseri kwa Chiputo, chigayo chinali chitaleka kulira kalekale, mafuta atasowa, mwini wake atathawa, ndiye ufa wonse unkachokera m'manja mwathu. Ine ndi mng'ono wangayo tinkasinja mumtondo umodzi, minsi iwiri, wanga ukamakwera wake ukutsika. Mwana, kamtsikana kamasaya aakulu, ankakhala kumsana kwa mayi wake. Tikangoyamba du, du, du, du, kamutu kaja kankayamba kulendewera, ndipo tisanapete koyamba kanali katagona kale, kukamwa kuli yasa.

Nthawi imeneyo n'kuti ine nditabwerera kwathu. Ukwati wanga unatha chifukwa sindinabereke, komanso, anthu ankatero, chifukwa cha pakamwa panga. Za pakamwazo sindikana. Bambo wa mwanayo anali atatengedwa kupita ku tropa, kuusilikali, mwana asanayambe kukhala pansi, ndiye pakhomo tinali akazi awiri ndi kamwana kamodzi. Chisangalalo cha ufulu chija chinali chitazilala, nkhondo yachiwiri itafika m'mapiri mwathu. Komabe tinkaseka. Ndinkamuuza mng'ono wanga kuti mwana wakoyu adzakwatiwa ndi mtondo, mwamuna wake azidzagona panja. Iye ankangoti, "Akulu, musiyeni mwana wanga. Inu munagonapo bwino liti?"

Masana unali mtondo, usiku linali bere. Akangotakataka pang'ono, mayi wake ankamukokera pachifuwa iye mwini asanadzuke n'komwe. Mwanayo anakula mpaka kupitirira chaka osadziwa njira ina yopita kutulo koma ziwirizo.

Tsiku lina mmawa mng'ono wanga anati akathyole nkhwani kudimba. "Akulu, ndigwirireniko mwanayu, sindichedwa." Anamasula nsalu yake ya kapulana, n'kundibereketsa yekha, akudandaula kuti ine ndimamanga mofooka ngati ndikumanga mtolo wa udzu. Anamangitsa mfundo pachifuwa panga mpaka ndinamutukwana. Anapita akuseka.

Anthu amfuti anafika kumadimba mmawa womwewo. Anatenga akazi onse amene anawapeza kuti akawasenzere katundu. Madzulo tinakapeza dengu lake lili chafufumimba, nkhwani itafota pambali. Thupi sitinalipeze, ndiye maliro sitinalire. Munthu wotengedwa sumulira, umangomudikira.

Malume, mlongo wa malemu amayi athu, anasonkhanitsa mabanja ochepa amene tinatsala n'kutitsogolera kukwera phiri. Tinakamanga misasa mumpata wina, pansi pa thanthwe lalitali. Kumeneko moyo unali wonong'ona. Atambala onse tinawadya sabata yoyamba. Moto tinkasonkha ndi nkhuni zouma gwa kuti usafuke. Kuitana munthu patali kunali koletsedwa, ndipo kusinja kunkaloledwa pokhapokha mvula ikamagwa mwamphamvu kapena mphepo ikamawomba. Masiku ena onse tinkaviika chimanga n'kumachipera pamwala.

Kudya sikunali vuto kwa mwanayo. Phala ankameza bwinobwino, nandolo wofinya ankamukonda. Vuto linali tulo. Dzuwa likamapendeka ankayamba kutikita maso, kukoka makutu, kenako kufunafuna pachifuwa panga. Tsiku lina, nditasowa chochita, ndinamupatsa bere langa louma. Anayamwa kawiri, n'kundiyang'ana, n'kundiluma. Kulira kumene analira pambuyo pake sindidzakuiwala. Ndinali ndisanachitepo manyazi otero, ngakhale tsiku limene apongozi anandiperekeza kwathu ndi kamtolo ka zovala.

Mumpatamo munali mtondo umodzi wokha, wa mayi wina wamtali, wouma thupi, amene tonse tinkamutchula amake mapasa. Madzulo ena, mwana atalira mpaka mawu kusasa, ndinapita kukautenga osapempha. Ndinathiramo gaga, n'kumangitsa nsalu monga anamangira mwini wake, n'kukweza munsi.

Du.

Ndipo kuchokera kuthanthwe kunabwera yankho. Du.

Ndinaima. Ndinkadziwa bwino kuti ndi mawu a munsi wanga omwewo akubwerera kuchokera kumwala. Ana amasewera nazo zimenezo. Koma yankholo linkagwera pamalo ake enieni, munsi wanga uli m'mwamba, pomwe pankagwera wa mng'ono wanga. Ndinasinjanso. Anayankhanso. Kumsana kwanga kulira kunasanduka kusisima, kusisima kunatha, ndipo kamutu kaja kanagwera paphewa langa. Ndinapitiriza kusinja mwana atagona kale, misozi ikugwera m'gagamo.

Kuyambira pamenepo ndinkasinja masana ndi madzulo. Ndinkadziuza kuti phokoso la munsi ndi laling'ono poyerekeza ndi kulira kwa mwana, ndipo anthu, atatopa ndi kulirako, ankayang'ana kumbali. Koma mankhwala angawo anali a kanthawi. Akagona ndinkamumasula mosamala ngati dzira, n'kumugoneka pamphasa. Pakapita nthawi pang'ono ankadzidzimuka, n'kukuwa ngati walumidwa ndi chinkhanira. Usiku wonse zinkangobwerezabwereza. Ndinkamubereka, kuyendayenda naye, kumutonthoza, ndipo zikakanika ndinkafufuza munsi mumdima momwemo.

Malume ankatsika phiri nthawi ndi nthawi ndi amuna ena kukatapa chimanga chotsala m'nkhokwe za kumudzi. Ulendo wina anabwerako nkhope itagwa. Anatula thumba, osamwa ngakhale madzi, n'kubwera molunjika kumsasa kwanga.

"Dzulo madzulo unkasinja ndi ndani?"

"Ndekha, malume."

"Ife tinali kumtsinje kuja, kutsetsereka konse, kumene timawolokera. Tinamva akazi awiri akusinja. Mnzanga wina anafuna kutaya thumba, akuti ndi mzimu wa mng'ono wako. Ine sindikuopa mzimu. Ndikuopa kuti ngati ife tinamva, enanso ali ndi makutu."

Ndinayamba kuyankha, monga mwa chizolowezi changa, koma anandidula. Sanakweze mawu. Malume sanali munthu waukali, ndipo n'chifukwa chake mawu awo anandilowa m'mafupa.

"Mwana wa mlongo wanga, muno muli ana enanso. Mwezi wangooneka kumene. Ukadzakhwima n'kumawala usiku wonse, anthu aja amayenda. Pofika nthawi imeneyo, mtondo ukhale utaleka, mwanayu akhale akugona. Zikakanika, ndidzakuperekeza mpaka pamtsinje, ulowere kumalire wekha."

Njira ya kumalire a Zambia tonse tinkaidziwa mbiri yake. Inali yokwiriridwa mina, mabomba ophulika munthu akaponda, ndipo amene ankadutsa ankadutsa pagulu, motsogozedwa ndi wodziwa popondapo. Mkazi yekha ndi mwana wolira kumsana sakanafika. Malume anatenga munsi n'kupita nawo kumsasa kwawo.

Madzulo amenewo ndinayesa kumusiyitsa mwana kamodzin'kamodzi. Ndinamugoneka pamphasa, ndikuti alire, akatopa agona. Analira mpaka kusanza phala lonse, kenako n'kupitiriza kulira. Mwamuna wina anabwera ndi kabotolo, akuti ndimudonthezere kachasu palilime. Ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano. Mwana wa mng'ono wanga sindikanamumwetsa zoledzeretsa.

Mmawa mwake kunabwera amake mapasa. Ndinkayesa abwera kudzatenga mtondo wawo, pakuti pa anthu onse odandaula, iwo ndiwo ankadandaula mokweza. Sanandipatse moni. Anamunyamula mwanayo, kumugwira pamphumi, kumusisita pamimba, kumusuzumira m'kamwa ndi m'makutu.

"Sakudwala uyu. Njalanso alibe. Iwe, mwanayu amagona kuti?"

"Pamphasa apa."

"Sindikufunsa pamene umamutaya. Tulo timamupeza ali kuti?"

"Kumsana, ndikusinja."

"Ndiye akadzidzimuka amapezeka ali pansi, msana palibe, mtondo kulibe. Iweyo utagona m'nyumba mwako n'kudzidzimuka uli pamchenga kumtsinje, ungatembenuke n'kugonanso?"

Ndinati ayi.

"Munthu aliyense amadzuka usiku, kangapo konse. Iwenso. Umangomva kuti mphasa ndi yomwe ija, chofunda ndi chomwe chija, n'kubwerera kutulo, mmawa osakumbuka. Mwananso amatero. Amafufuza chimene anagona nacho. Akachipeza amabwerera yekha. Akachisowa amaitana. Uyu sakukuzunza dala, akufunafuna njira imene anaphunzitsidwa."

Ndinawafunsa kuti zimenezi anaziphunzira kusukulu iti, poti sindinamvepo kuti anapondako. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinabereka ana awiri tsiku limodzi, koma msana ndili nawo umodzi. Ukufuna thandizo kapena ukufuna kukangana?"

Anandiuza kuti kumulanda zonse tsiku limodzi n'kotheka kumudzi kwa mtendere, kumene mwana angalire masiku angapo osapha munthu. Ife mwayi umenewo tinalibe. Tinayenera kumubera pang'onopang'ono, chinthu chimodzi pa nthawi, ndipo tisanachotse chakale tiyambe tamupatsa chatsopano, chimene angachipezenso akadzuka pakati pa usiku. Anatinso tiziyambira tulo tamadzulo, pamene watopa kwambiri, osati tamasana.

Iwo omwewo anapita kukatenga munsi kwa malume. Sindikudziwa anawauza chiyani. Tinakumba dzenje losaya m'dothi lofewa, kutali ndi thanthwe, n'kuyalamo chiguduli ndi gaga, ndipo kumutu kwa munsi tinakulungako sanza. Dzuwa litapendeka ndinamudyetsa mwana phala, kumupukuta ndi kansalu konyowa, n'kumubereka ndi kapulana ija. Amake mapasa anati madzulo alionse zizikhala motsatana chomwecho, phala, kupukuta, nsalu, kuti thupi lake lizidziwiratu chimene chikubwera. Ndinakweza munsi n'kuugwetsa m'dzenjemo. Unangoti fu, ngati munthu waponda paphulusa.

Ndinadikira yankho. Kuthanthwe kunali zii.

Mwana anayamba kupindika msana. Pamenepo amake mapasa anaima kumbuyo kwanga, ndipo munsi wanga ukakhala m'mwamba, ankamugunda mwanayo pang'ono kumatako ndi chikhatho, kamodzi. Fu, pha. Fu, pha. Mwana anadandaula nthawi yaitali kuposa masiku a mtondo, koma sanakuwe. Pomaliza anagona. Ine ndinawathokoza, koma mumtima ndinawada pang'ono, chifukwa anali ataima pamalo amene sanali awo.

Tinachita zimenezo madzulo angapo, mpaka analeka kudandaula. Kenako amake mapasa anandilanda munsi. Ndinkaima ndi mwana kumsana, n'kumapinda mawondo ndi kuwerama monga munthu wosinja, manja ndili nawo kumbuyo. Dzanja lamanja linkamugunda kumatako pamene munsi wanga ukanagwera, lamanzere pamene wa mng'ono wanga ukanagwera. Ana a mumpatamo ankabisala kuseri kwa mitengo kumanditsanzira, mkazi wamkulu akusinja mpweya. Akuluakulu sankaseka. Ankayang'ana mwezi, ine n'kumawaona akuuyang'ana.

Usiku mwana akadzuka ndinkachita zomwezo, osabwerera ku munsi. Apa ndi pamene pankavuta kwambiri, chifukwa munthu ukatopa umafuna chachangu. Amake mapasa ankati ndikangomupatsa munsi kamodzi chifukwa walira kwambiri, ndamuphunzitsa kuti alire kwambiri. Munsiwo ankagona nawo kumsasa kwawo, poti sankandikhulupirira, ndipo ankalondola.

Kuwerama kuja ndinkakuchepetsa tsiku ndi tsiku, mpaka kunatsala kugwedezeka pang'ono chabe. Kenako ndinakhala pansi. Mwana ndinamuchotsa kumsana n'kumuika pachifuwa, nsalu ija itamukuta, manja anga awiri akugundabe mosinthana. Tsiku loyamba la sitepe iliyonse linali la nkhondo. Lotsatira ankangodandaula. Likamafika lina ankaoneka ngati wakhala akugona choncho moyo wake wonse. Ndinayamba kukhulupirira.

Ndiye anatentha thupi. Mano akumbuyo ankatuluka, chimfine chinamugwiranso, mphuno zitatsekeka. Anakana chifuwa, anakana manja, ankangofuna kumsana. Ndinathamangira kwa amake mapasa ndikulira ndi mkwiyo, ndikuti ntchito yonse yapita m'madzi, mwezi wafika kale theka.

"Mwana wodwala amaberekedwa," anatero. "M'bereke. Zimene waphunzira sizinathawe. Akachira mudzayambira pamene munalekezera, kapena pambuyo pang'ono."

Ndinamubereka usana ndi usiku mpaka thupi linazizira, koma munsi sindinaukhudze. Atachira tinabwerera pachifuwa, ndipo sanalimbane nazo monga poyamba.

Sitepe yovuta koposa inali ya pamphasa. Amake mapasa anandiuza kuti ndisadikire kuti agone tulo tofa nato. Ndimugoneke zikope zikulemera koma asanatseke maso, kuti tulo timupeze ali pamalo pamene adzadzukire. Ndinagona pambali pake, n'kumuyalira kapulana ija, ngodya imodzi ili m'dzanja lake. Nsaluyo ndinali ndisanaichape chichokereni mwini wake. Msana wake utangokhudza mphasa, anatsegula maso n'kukuwa. Ndinamunyamula, anatonthola, ndinamugonekanso. Anakuwanso. Ndinamunyamulanso. Madzulo amenewo ndinamunyamula ndi kumugoneka mpaka manja kuchita dzanzi, ndipo ndinamuuza mawu oipa, kuti mayi ako anandisiyira chitsiru. Iye anandiyang'ana ndi maso a mayi wake omwewo, akufwenthera. Ndinamugoneka kachikena, manja awiri akugunda pantchafu yake, lamanja, lamanzere, lamanja, lamanzere. Anaika ngodya ya nsalu kukamwa, n'kupuma mozama, n'kupita kutulo.

Mwezi unakhwima tili pa sitepe imeneyo. Ankadzukabe usiku, koma ndikangotambasula manja n'kugunda pang'ono, ankabwerera asanafike polira. Malume sananene kanthu za kumtsinje. Tsiku lina anangobwera ndi uchi pang'ono pachipande, n'kuusiya pakhomo pa msasa wanga.

Anthu aja anadutsa m'chigwa tsiku lina mbandakucha, kukuyera. Tinawaona kuchokera pamwamba, mzere wautali, amfuti kutsogolo ndi kumbuyo, pakati akazi atasenza mitolo. Aliyense mumpatamo anagona chafufumimba. Mwana anatakataka pambali panga, n'kutsegula maso. Ndinaika manja pantchafu yake, lamanja, lamanzere. Anafufuza ngodya ya nsalu, anaipeza, anatembenukira kwa ine n'kutseka maso. Ine maso anga anali pa akazi osenza aja. Anali kutali kwambiri moti nkhope sizinkaoneka. Panali mmodzi wamfupi amene ankayenda mopendekera kumanzere. Manja anga ankagundabe, ndipo sindinathe kuimirira, sindinathe kuitana. Mzerewo unalowa m'mitengo n'kutha.

Mpaka lero sindidziwa ngati anali iye. Akazi aafupi ndi ambiri.

Ine ndinkayesa tamaliza. Mwana ankagona, anthu anayambanso kundipatsa moni. Koma amake mapasa anabweranso, nkhope ili yomwe ija.

"Tsopano chotsa dzanja limodzi. Likazolowereka, linalo lizingokhala pathupi pake osagunda. Kenako ulichotse, uzingokhala pambali."

"Chifukwa chiyani? Manja sapanga phokoso. Akusokoneza ndani?"

"Palibe."

"Ndiye tisiyeni."

Anandisiya masiku angapo. Ndinkawazemba, iwo akudziwa. Madzulo ena anadzakhala pansi pafupi nane ndikugoneka mwana, n'kumayang'ana manja anga. Atagona anayankhula motsitsa, mosiyana ndi mmene ndinkawadziwira.

"Ndikudziwa kuti dzanja linalo ndi la ndani. Kuyambira tsiku la dzenje lija ndinadziwa. Koma tandiuza, mnzanga. Mayi wake anapita kukathyola nkhwani. Iwenso umapita kumtsinje tsiku lililonse. Atakutenga mawa, mwanayu ndidzatsala naye ndine. Kagundidwe kanu ka pabanja kameneka ine sindidzakatha usiku wonse, ndili ndi anga. Ukufuna adzayambirenso kulira kuja?"

Ndinawatukwana. Ndinawauza kuti ali ndi pakamwa pa tsoka, achoke pamsasa panga. Anachoka. Ine ndinkadziwa kuti anena zoona, ndiponso kuti manja awiriwo mwana sankawafunanso. Ndinkawafuna ndine. Madzulo alionse, kwa kanthawi kochepa kaja, ine ndi mng'ono wanga tinkasinjabe limodzi.

Mawa lake ndinachotsa dzanja limodzi. Amake mapasa sananene kuti dzanja lake liti, ndiye ndinasankha ndekha. Ndinachotsa lamanja, langa. Ndinaligonera kuti lisayambe lokha. Lamanzere linatsala likugunda, n'kudikira, n'kugundanso. Mwana anatsegula diso limodzi, ngati akufunsa, kenako n'kugona. Patapita madzulo angapo ndinayamba kuchedwetsa kugundako, mpata ukukulirakulira, mpaka dzanja linangokhala phee pantchafu yake, likukwera ndi kutsika ndi mpweya wake.

Tsiku lomaliza silinali ndi chodabwitsa chilichonse. Kunali kamphepo, wina ankapera chimanga pamwala chapafupi. Ndinamudyetsa phala, kumupukuta, kumugoneka pansalu ija. Ndinakhala pambali, manja onse ali pamiyendo panga. Anandiyang'ana, anayankhula zake zosamveka, anakoka ngodya ya nsalu n'kuiika kukamwa. Anatembenukira kukhoma la udzu, kundipatsa msana. Ndinadikira kuti alire. Ndinkafuna alire, Mulungu andikhululukire, ndinkafuna aitane ngakhale kamodzi kokha. Sanaitane. Anagona ngati mwana wina aliyense.

Ndinatuluka n'kukapeza amake mapasa akusenda nandolo. Ndinawauza kuti wagona yekha. Anati, "Eya," n'kundisunthira lichero kuti ndiwathandize. Tinasenda mpaka mdima.

Mvula itatha tinawoloka malire tonse pamodzi, pagulu, mwana ali kumsana kwanga. M'njira ankagona paliponse pamene ndayala nsalu ija. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu. Ena mwa otengedwa anabwerera, owonda, osafuna kuyankhula. Ndinafunsa aliyense, ku Chiputo, ku Malowera, ngakhale anthu ongodutsa ndi njinga. Palibe amene anamuona, palibenso amene anandiuza kuti anamwalira. Maliro ake sitinalirebe.

Mwana uja ndi mayi wa ana ake tsopano. Amanditchula amayi, ndipo za mpata uja sakumbuka kanthu. Kugona amagona ngati mwala, moti mwamuna wake amadandaula kuti nyumba itapsa adzachita kumunyamula. Chimanga amapita nacho kuchigayo. Ndikamuuza kuti anali wovuta tulo amaseka, akuti ndikumunamizira.

Wovuta tulo ndine. Ndimadziwa bwino mmene zimayambira ndiponso mmene amazichotsera, sitepe ndi sitepe, moti akazi achichepere a m'mudzi muno amabwera kudzandifunsa za ana awo. Koma ine ndikagona pamphasa, tulo sitibwera mpaka dzanja lamanzere litayamba. Limagunda pansi kamodzi, n'kudikira. Lamanja ndimaligonera mpaka lero, koma usiku wina limasolotoka lokha n'kuyankha, ndipo ndikatero ndimalisiya.